Ndalama za ku Joni: Zofika pa Chezi n'zingati?

Boma litaletsa a Wenela kulemba anthu m'chaka cha 1974, ulendo wa ku Joni sunathe ai, ndipo lero nyumba zambiri za pa Chezi ndi m'mapiri a ku Ntchisi zidalira ndalama za ana ao amene ali kumeneko. Makalata a anawo kawirikawiri amawerengedwa ndi mphunzitsi, choncho ayenera kudziwa kumene ndalama zimathera m'njira.

Anthu ambiri amangoyang'ana malipiro olembedwa pa khomo la wotumizitsa, osadziwa kuti mtengo wina umabisala m'kasinthidwe ka randi. Mwachitsanzo, mnyamata ali ndi R1,000. Kampani yoyamba itenga R100 ndi kusintha zotsalazo pa K100 randi iliyonse. Amai ake alandira K90,000. Yachiwiri itenga R30 yokha, koma isintha pa K92. Zofika ndi K89,240. Imene inaoneka yotsika mtengo ndiyo yadya zambiri. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, popeza makampani onga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa amasintha mitengo yao nthawi ndi nthawi, koma funso loyenera kufunsa silisintha: pa R1,000 yonse, makwacha ofika m'manja ndi angati?

Banki ili ndi khalidwe lina. Mbali yaikulu ya malipiro ake ndi yokhazikika, kaya ndalama zichuluke kaya zichepe. Akakhala R250, ndiye kuti pa R1,000 gawo limodzi mwa magawo anai lapita, pamene pa R20,000 yogulira malata sakwana ndi magawo 2 omwe pa 100. Kuonjezera apo, banki yolandira nayo ikhoza kudula zake, ndipo nkhalamba iyenera kulipira galimoto kupita ku Lilongwe ndi kubwerako.

Ndalama zolowa pa lamya, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zimachotsa ulendo umenewo, pakuti zimapezeka pa msika pomwepo. Komatu potapa pali malipiro ena, ndipo wothandizira akakhala ndi ndalama zochepa, munthu amatapa kawiri, nalipiranso kawiri. Pa ndalama zochepa za mwezi ndi mwezi njira iyi ndiyo yopambanabe.

Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapeza kuti mu 2023 kutumiza madola 200 ku maiko a kum'mwera kwa Sahara kunkadya pafupifupi magawo 8 pa 100, ndipo mabanki ndiwo anali okwera mtengo koposa. Maiko a m'bungwe la United Nations anapangana mu 2015 kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa magawo 3.

Ena amapatsira oyendetsa mabasi chifukwa chokopeka ndi mtengo wa katangale. Kusintha ndalama kotereku n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo zikasowa m'njira palibe lisiti loonetsa ku polisi.