Kafukufuku wa m'minda ya tiyi ku Thyolo: nambala imodzi siikwanira

Chiyambire 2016, pomwe bungwe la eni minda ya tiyi la TAML lidasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU, mbali iliyonse imafuna umboni wa momwe othyola tiyi akukhalira. Umboni wotere umachokera m'kafukufuku, koma kafukufuku safunsa aliyense. Ndiye nambala yotulukayo ingakhulupirike mpaka pati?

Tiyerekeze kuti anthu 400 asankhidwa mwamaere pamndandanda wa ogwira ntchito m'maesiteti a m'bomali, ndipo 240 ayankha kuti malipiro sawakwanira kugula chakudya. Amenewa ndi anthu 60 pa 100 alionse, kapena 0.6. Maere akadagwera ena, nambalayo ikadasinthako. Pofuna kudziwa kuti ingasinthe motani, akatswiri amagwiritsa ntchito samu iyi:

```
p ± 1.96 × √(p(1 − p) / n)
```

Apa `p` ndi 0.6 ndipo `n` ndi 400. Kuchulukitsa 0.6 ndi 0.4 kumapereka 0.24, kugawa ndi 400 kumapereka 0.0006. Nambala imene ikadzichulukitsa yokha imabala 0.0006 ndi 0.0245, ndipo kuichulukitsa ndi 1.96 kumapereka 0.048, pafupifupi 5 pa 100. Choncho lipoti loona liyenera kunena kuti odandaula ali pakati pa 55 ndi 65 pa 100 alionse.

Malire amenewa amatchedwa a chitsimikizo cha 95 pa 100, ndipo ambiri amaphonya tanthauzo lake. Sizikutanthauza kuti ogwira ntchito 95 pa 100 avomereza. Chitsimikizocho chili pa njira: kafukufukuyu atabwerezedwa maulendo 100 ndi maere atsopano, pafupifupi maulendo 95 malire opezekawo angakute nambala yeniyeni. Maulendo asanu angaiphonye, ndipo palibe angadziwe ngati ulendo uno ndi umodzi mwa asanuwo.

Kuchuluka kwa ofunsidwa nako n'kofunika. Atafunsidwa anthu 100 okha, malire angakhale 50 mpaka 70, ndipo abwana anganene kuti odandaula mwina ndi theka chabe. Ngozi yomweyo ili m'kafukufuku wa dziko lonse. Afrobarometer imafunsa Amalawi 1,200 ndipo malire ake amakhala 3 pa 100 mbali iliyonse. Koma Thyolo, malinga ndi kalembera wa 2018, ili ndi anthu anayi okha pa Amalawi 100 alionse. Gawo lake ndi anthu pafupifupi 50, ndipo malire amafika 14 mbali iliyonse.

Samuyi imayeza mwayi wa maere basi. Ofunsa akabwera m'chilimwe, aganyu a nyengo yamvula atapita kwawo, mawu awo samveka. Kapitawo akaima pafupi, munthu woopa kuchotsedwa ntchito amayankha kuti zonse zili bwino. Zikatero, ngakhale kufunsa anthu 4,000 kumangochepetsa malire kuzungulira nambala yolakwika.

Choncho lipoti lililonse lofika pa tebulo la zokambirana za malipiro liyenera kuyankha mafunso atatu: adafunsidwa angati, adasankhidwa motani, nanga adafunsidwa mwezi uti komanso pamaso pa yani?