Ndalama ya kumudzi izitulukira pakhomo, osati pawindo

M'mabanja ambiri a m'tauni mkangano wa ndalama za kumudzi umabuka chapakati pa mwezi, makala akatha. Mayi amafunsa ya ndiwo, bambo n'kuyankha kuti palibe, chonsecho malipiro analowa masabata awiri okha apitawo. Tsiku lina mayi aja amapeza uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba pafoni ya mwamuna wawo wosonyeza kuti ndalama inapita kwa alamu awo, ndipo nkhani imasintha. Sakufunsanso za makala. Akufunsa chifukwa chimene sanauzidwire.

Ine ndimakhulupirira kuthandiza abale. Ambiri a ife tinaphunzira ndi ndalama ya fodya wa atsibweni kapena mbuzi ya agogo, ndipo okalamba ambiri akumudzi alibe penshoni, penshoni yawo ndi ana awo. Koma ndimakhulupiriranso kuti ndalama yotumizidwa mobisa, kapena yochita kukongola, imagwetsa banja, ndipo banjalo likagwa akumudzi aja amataya ndi kochepa komwe ankalandira.

Pali chifukwa chimene mtolowu ukulemera chonchi masiku ano, ndipo sikuti anthu aumira mtima. Pachikhalidwe cha Achewa, Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja, mwamuna ndi mwini mbumba. Alongo ake ndi ana awo amayang'ana kwa iye. Kale zimenezi zinkayenda chifukwa ana ake a iye mwini nawonso anali ndi atsibweni awo kuchikazi. Lero mwamuna wa m'tauni akusenza zonse ziwiri: kumudzi akadali atsibweni, koma m'nyumba mwake lamulo, mpingo ndi mkazi wake zikuyembekezera kuti ana ake awalere yekha. Mkazi nayenso, ngati ali pantchito kapena pageni, ali ndi mayi ake ndi azing'ono ake. Malipiro omwewo akuyang'aniridwa ndi makomo atatu. Pamwamba pa izi, ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yomwe inkagula thumba la chimanga inayamba kugula ndowa, ndipo akumudzi anayamba kupempha zambiri pa nthawi yomweyo imene wa m'tauni anayamba kuperewedwa.

Foni nayo yasintha zinthu. Agogo athu amene ankapita ku Joni kapena ku Halale ankatumiza ndalama mwa apo ndi apo, kalata inkayenda masabata, ndipo akumudzi ankadziwa kuti pakati pa nthawiyo ayenera kudzionera okha. Lero munthu akaimba foni nthawi ya nkhomaliro, ndalama imakhala yafika mbale zisanatsukidwe. Palibe mpata woganiza, palibenso mpata wofunsa mnzako wa m'nyumba.

Tiyerekeze banja lina la ku Ndirande. Bambo ndi mphunzitsi, amatenga K450,000 pamwezi. Mayi amagulitsa kaunjika, ndipo phindu lawo pamwezi wabwino ndi K200,000. Zonse pamodzi ndi K650,000. Lendi, chakudya, makala, madzi, magetsi, minibasi ndi zofunika za ana kusukulu zikudya K580,000. Yotsala ndi K70,000. Koma bambo akutumiza kwawo K120,000 mwezi ndi mwezi: ya mankhwala a mayi awo amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ya mwana wa mlongo wawo amene ali Fomu 2, ndi timapempho ta mng'ono wawo, lero mayunitsi, mawa ya thiransipoti, mkuja ya sopo. Akazi awo amadziwa za mankhwala okha.

Ndiye kuti mwezi uliwonse m'nyumbamo mukuperewera K50,000. Funso n'lakuti, akulipira ndani? Nthawi zambiri ndi mayi, mosadziwa. Ndiwo zikasowa amatapa pa ndalama ya geni. Sakutapanso paphindu, akutapa pa mpamba. Pakatha miyezi sikisi K300,000 yachoka mu geni, ndipo mayi amene ankaoda belo lathunthu ayamba kugawana belo ndi anzawo, kenako kuoda zovala zochita kusankha kwa ena. Phindu limatsika, dzenje la pamwezi n'kukula. Apa mpamene bambo amapita kwa wakatapila kukatenga K50,000 yoti adzabweze K75,000 pakutha pa mwezi, ndipo malipiro otsatira amafika atalumidwa kale.

Chizindikiro choti thandizo lapitirira mphamvu za nyumba si mkangano. Mabanja amakangana ngakhale pa zinthu zazing'ono. Chizindikiro chake ndi mpamba umene ukuchepa popanda chifukwa chooneka, ngongole yotengedwa pofuna kutumiza, ndi foni imene mwini wake amakayankhira panja. Zimenezi zikaoneka, ine ndimati kutumiza kuyambe kwaima mwezi umodzi, kupatula ya mankhwala, mpaka awiriwo atakhala pansi ndi kope ndi cholembera.

Pa kukhala pansipo, choyamba ndi kuulula zonse, ndipo n'chimene chimavuta kuposa masamu. Onse awiri alembe zimene atumiza m'miyezi itatu yapitayi. Mauthenga a pafoni amasunga zonse, palibe chifukwa chodalira kukumbukira. Kawirikawiri pamapezeka kuti mayi nawonso amatumiza kwawo mobisa, shuga, sopo, chitenje, ka K10,000 apa ndi apo, chifukwa anaona kuti akapempha adzakanizidwa. Aliyense ankadziona ngati wolakwiridwa, chonsecho onse ankachita zofanana.

Kenako banja lija liyang'ane K70,000 yeniyeniyo, osati K120,000 ya m'maloto. Ndikanakhala ine ndikanati K20,000 isatuluke, ipite kubanki m'khonde kapena kuakaunti imene onse awiri akuidziwa, chifukwa matenda ndi maliro sizipangana tsiku. Yotsala K50,000 ndiyo ya abale a mbali zonse ziwiri. Sindikunena kuti igawidwe pakati ndi pakati. Ngati mayi a bambo ndi amasiye odwaladwala pomwe makolo a mayi ali ndi mphamvu, munda ndi dimba, chilungamo n'chakuti yambiri ipite kwa odwalawo. Koma mbali inayo isakhale yopanda kanthu, ndipo mkazi avomereze ndi pakamwa pake, osati kungouzidwa.

Ya mwana wa mlongo ija ndi yabwino chifukwa ili ndi malire. Mwana ali Fomu 2, kwatsala zaka ziwiri kuti alembe mayeso a Fomu 4, ndipo aliyense akhoza kuwerenga. Zofunika zake zigulidwe kapena kulipiridwa mwachindunji, kusukulu kapena m'sitolo, chifukwa ndalama ya yunifolomu ikafika pakhomo pomwe palibe ufa imasanduka ufa, ndipo palibe amene angadzudzule mlongoyo. Timapempho ta mng'ono uja, munthu wamphamvu zake, ndiye tileke. Tikaphatikizidwa pa chaka timakwana mtengo wa njinga, ndipo ndi bwino kumugulira njingayo kamodzi azichita kabaza, n'kumuuza momveka kuti kwina konse adzionere.

Nthawi yotumizira nayo ndi yofunika kwambiri, ndipo apa ambiri timaphonya. Mapempho amachuluka mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, pomwe chimanga chimakhala pa mtengo wokwera kwambiri m'chaka chonse. Ndi nthawi yomweyonso imene wa m'tauni amakhala atangochoka pa Khirisimasi ndi kutsegulira sukulu. Chimanga chomwecho chimatsika mtengo mu Meyi ndi Juni, anthu akangokolola. Banja limene likudziwa kuti agogo adzasowa chakudya ligule matumba nthawi imeneyo, lithire mankhwala a nankafumbwe, lisunge. Chimodzimodzi feteleza ndi mbewu: kuika padera K30,000 pamwezi kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumapereka K180,000 mvula isanagwe, ndipo ndalama imeneyo imachita zambiri m'munda kuposa ikatumizidwa mu Febuluwale kukagula ufa wa pa tsiku.

Chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi ndi ichi: ndani akanene kumudzi. Amuna ambiri akagwirizana ndi akazi awo kuti achepetse, amaimba foni n'kunena kuti, "Amayi, ine ndimafuna, koma apongozi anuwa akukaniza." Mawu amenewa amapulumutsa mwamunayo tsiku limodzi, koma mkazi wake amawalipira moyo wake wonse. Kumudzi amayamba kunena kuti mwana wathu anadyetsedwa, ndipo tsiku limene mwamunayo adzamwalire, anthu omwewo ndiwo adzabwere kudzakambirana za katundu ndi mkazi amene akhala akumusungira mkwiyo. Lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa womwalira, koma lamulo silingachotse chidani pa maliro.

Mwana wa pakhomopo ndiye akane, ndipo akane m'dzina lake. "Amayi, ndawerengera ndalama zanga, ndapeza kuti ndili m'ngongole. Ya mankhwala izibwera pa 28 paliponse, siidzaphonya. Chimanga ndidzagula mu Juni. Koma zina za pakatipa sindikwanitsa." Ndipo uthenga wabwino, wakuti ndalama yatumizidwa, aziunena mkazi: "Amayi, tatumiza ija, mukatape." Akumudzi akamamva mawu a mpongozi pa tsiku lolandira, amadziwa kuti thandizolo likuchokera m'nyumba yonse. Zikhale chimodzimodzi kuchikazi, mkazi azikana yekha kwa abale ake, mwamuna azinena zabwinozo.

Miyezi yoyamba imawawa. Padzakhala foni zosayankhidwa, padzakhala mawu akuti tauni yamusintha. Koma okalamba ambiri amene ndimawadziwa amakonda ndalama yochepa yobwera pa tsiku lodziwika kusiyana ndi yambiri yobwera mwamwayi, chifukwa angathe kukonzekera, ndipo wagolosale amawakhulupirira pa ngongole. Komanso mmodzi akasiya kusenza zonse, achimwene ndi achemwali ena amene ankangokhala chete poti alipo wa pantchito amayamba kufunsidwa nawonso. Nkhani ya mankhwala a mayi ndi ya ana onse a mayiwo, ngakhale wina atamapereka K5,000 yokha kapena kukalima m'munda mwawo.

Pali pena pomwe masamuwa sagwira ntchito. Mayi akagonekedwa m'chipatala, munthu amagulitsa ndi wailesi yomwe, ndipo mwamuna kapena mkazi amene angatsegule kope pa nthawi imeneyo walakwa. Palinso mabanja ena amene vuto lawo si kuperewera: wina amakaniza mnzake kuthandiza kwawo pomwe iye akumanga nyumba ya malata kwa makolo ake. Kumeneko ndi kupondereza, ndipo nkhani yotere ndi ya ankhoswe. Koma posankha kopita nayo nkhaniyo, banja liyambe layang'ana m'kope lija. Nthawi zambiri nkhoswe ya kuchimuna ndi atsibweni kapena achimwene, ndipo dzina lawo likhoza kupezeka pa mndandanda wa olandira. Munthu sangaweruze bwino mlandu wa ndalama imene iye mwini akudyako. Zikakhala choncho, pa bwalolo pakhalenso mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, kapena wachikulire wina amene mbali zonse ziwiri zimamulemekeza ndipo sanalandirepo tambala ya m'nyumbamo.