Ndakatulo yopepesa kwa achimwene amene anasiya kukuyankhula

Ndakatulo yopepesa ndi mawu amene munthu wolakwa amawakonza m'mizere kuti avomere cholakwa chake pamaso pa amene anamulakwira. Ikamapita kwa mkulu wake wa wolembayo imavuta kuposa ikamapita kwa bwenzi kapena kwa wokondedwa, chifukwa pakati pa Achewa a kumadzulo kwa Lilongwe, ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi midzi yozungulira, mkulu sakhala m'bale chabe. Nthawi zambiri ndiye mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, wokhala pa unkhoswe, woitanidwa pakagwa maliro kapena pakabuka nkhani ya malire a munda. Mng'ono akayambana naye, azilongo amasowa kolowera, ndipo pamaliro anthu amaona okha kuti awiriwa akhala motalikirana ndipo sakudyera mbale imodzi.

Mwambo uli kale ndi njira yake yopepesera. Wamng'ono sapita yekha kukaima pakhomo pa mkulu wake. Amayamba wakauza atsibweni kapena munthu wina wamkulu wa m'banjamo, ameneyo n'kukapempha tsiku. Tsikulo likafika wolakwa amakhala pansi, amanena chimene anachita, ndipo kawirikawiri amapereka nkhuku, kapena mbuzi mlandu ukakhala waukulu. Zikakanika pabanja m'pamene nkhani imapita kwa nyakwawa. Ndakatulo silowa m'malo mwa zonsezi. Malo ake ndi amodzi okha: pamene wolakwa amayenera kutsegula pakamwa n'kutchula cholakwa chake. Apa m'pamene anthu ambiri amagwa, chifukwa manyazi akawagwira amayamba kuzungulira, ndipo pomaliza atsibweni ndi amene amawanenera zonse. Kulemba kumathandiza munthu kukonzeratu mawu amene pakamwa pangakane kutulutsa.

Nkhani yodziwika kwambiri ya mng'ono wobwerera kwa mkulu wake ili m'buku la Genesis, mitu 32 ndi 33, imene anthu a kuno akhala akuiwerenga m'Chichewa kuyambira pamene Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Yakobo, amene ananyenga atate ake n'kulanda madalitso a Esau, anatsogoza mphatso yaikulu: mbuzi 220, nkhosa 220, ngamira, ng'ombe ndi abulu. Anawerama kasanu ndi kawiri, n'kumatchula Esau kuti mbuye wake. Ulemu unalipo, mphatso inalipo. Chodabwitsa n'chakuti m'nkhani yonseyo Yakobo sakutchula paliponse chinyengo chimene anachita. Esau ndiye anathamanga n'kumukumbatira, koma pambuyo pake aliyense analowera kwake, wina ku Seiri, wina ku Sukoti. Ndakatulo yoona imayenera kunena chimene Yakobo anachisiya.

Chitsanzo choyerekeza chingaonetse mmene ntchitoyi imayendera. Mkulu wa kwa Kabudula, popita kukagwira ntchito ku Joni, anasiyira mng'ono wake ng'ombe ziwiri zapangolo. Mng'onoyo atapanikizika ndi ngongole ya feteleza anagulitsa imodzi kwa wopha nyama, n'kuimbira foni mkulu wake kuti ng'ombe yabedwa usiku chifukwa mnyamata woweta sanatseke bwino khola. Mkuluyo atabwera anamva zoona kwa anthu ena. Chiyambire pamenepo sayankhulana.

Munthu wotere akagwira cholembera, mizere yoyamba imene imabwera m'mutu imakhala yonga iyi:

Achimwene, ngati ndinakulakwirani pepani,
Umphawi ndiwo unandisocheretsa,
Ng'ombe inapita koma chibale chilipo.

Mizere itatuyi ikumveka yofatsa, koma uliwonse uli ndi pothawira. Woyamba ukukayika ngati cholakwa chilipo n'komwe, pamene onse awiri akudziwa kuti chilipo. Wachiwiri wapeza wina womusenzetsa mlandu, umphawi, umene sungaitanidwe pabwalo. Wachitatu ukuti ng'ombe inapita, ngati kuti inatsegula yokha khola. Njira yosavuta yoyesera mzere uliwonse ndiyo kufunsa kuti wochita chinthucho ndani. Ngati yankho lake ndi Satana, mowa, njala, anzake oipa kapena mkazi wa wolembayo, mzerewo ukudzitchinjiriza. Ngati wochitayo sakuoneka n'komwe, monga ponena kuti zinthu zinasokonekera kapena mawu analankhulidwa, nawonso ndi wobisala. Mizere yomweyo ikakonzedwa imatuluka motere:

Achimwene, ng'ombe yanu sinabedwe.
Ndinaimasula ndine, ndinaigulitsa ndine.
Ndalama ndinadya, bodza ndinakuuzani,
Ndipo mwana woweta ndinamunamizira.

Mizere iyi ilibe zokometsera, ndipo n'chifukwa chake ikugwira ntchito. Yatchulanso zolakwa zitatu m'malo mwa chimodzi: kugulitsa, kunama, ndi kunamizira mwana wosalakwa. Olemba ambiri amavomera cholakwa chaching'ono n'cholinga chobisa chachikulu. Pa mlandu ngati uwu chimene chinamupweteka kwambiri mkuluyo si mtengo wa ng'ombe ayi, koma kuti ananamizidwa ndi mwana wa mayi ake, n'kudzamvera zoona kwa anthu a pamsika. Ndakatulo ikangolira za ng'ombe n'kulumpha bodzalo, mkuluyo amadziwa nthawi yomweyo kuti mng'ono wake sanasinthe.

Nanga ngongole ya feteleza ija, imene inalidi yoona? Malo ake si m'ndakatulo. Chifukwa chimene munthu analakwira chikhoza kukhala chomveka, koma chikangolowa pambuyo pa mawu opepesa chimasanduka chodzikanira, makamaka chikayamba ndi "koma". Mkuluyo akafuna kudziwa adzafunsa yekha atakhala pansi, ndipo pamenepo yankho lidzamveka ngati kufotokoza. N'chimodzimodzinso ndi zolakwa za mkuluyo. Mwina nayenso anatukwana pagulu, mwina sankatumiza ndalama zosamalira ziwetozo. Imeneyo ndi nkhani ina, ya tsiku lina, ndipo atsibweni ndi amene angaidzutse.

Pambuyo pa kuvomera cholakwa, gawo lachiwiri la ndakatulo limatchula zimene wolakwiridwayo anataya, monga mmene iye mwini angaziwerengere. Aliyense wa kumudzi amadziwa kuti goli limafuna ng'ombe ziwiri, choncho kugulitsa imodzi kunali kuimitsa ngolo. Manyowa opita kumunda, chimanga chochokera kumunda, fodya wopita kuchigafa, njerwa, ngakhale wodwala wofunika kumutengera kuchipatala, zonsezi zinayamba kufuna ngolo yobwereka kapena yolipira. Wolemba amene watchula zimenezi waonetsa kuti anakhalapo pansi n'kuganizira moyo wa mkulu wake. Amene wadzaza ndime zitatu ndi misozi yake, kusowa tulo kwake ndi kuwonda kwake wasandutsa ndakatulo kukhala ya iye mwini, ndipo mkuluyo akuumirizidwa kutonthoza munthu amene anamubera. Mzere umodzi wonena za manyazi a wolembayo ndi wokwanira.

Miyambi ndi msampha wina, ndipo alakatuli a Chichewa amaikonda. Mwambi woti chibale ndi fupa sichiola ndi woona, koma ukachokera pakamwa pa wolakwa umamveka ngati akuuza mkulu wake kuti alibe kuchitira mwina koma kukhululuka. Woti munthu salakwira mtengo umachepetsa mlandu, ngati kuti kulakwira anthu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Woti madzi akatayika saoleka ukutanthauza kuti nkhaniyi ingoiwalika. Miyambi imeneyi ndi ya mkhalapakati. Atsibweni akainena imaziziritsa mtima. Mng'ono akainena, ndiye kuti mwana akulangiza wamkulu. Mavesi onena za kukhululuka nawo ali chimodzimodzi. Ngakhalenso kukumbutsa za ubwana, za kuweta mbuzi limodzi kudambo kapena za mayi amene anamwalira, kumafuna kusamala, chifukwa kumatha kusanduka njira yofewetsera munthu asanamve kuvomera kwenikweni. Ngati zikumbutso zoterezi zilowe, zibwere pambuyo pa kuvomera, ndipo zionetse zabwino zimene mkuluyo anachita, monga kulipira fizi ya mng'onoyo.

Pali mtundu wina wa mizere woyenera kuupewa kotheratu: yonena za imfa. Wolemba akhoza kuganiza kuti akukhudza mtima polemba kuti moyo ndi waufupi, kapena kuti tsiku lina mudzandifuna. M'mudzi momwe abale awiri akhala pa udani, mawu otere amamveka ngati kuopseza, ndipo mkuluyo kapena mwana wake akadwala mwezi wotsatira, pepala lija likhoza kutulutsidwa ngati umboni woti mng'onoyo ananeneratu.

Gawo lomaliza limanena chimene wolakwa achite, ndipo chikhale chinthu chowerengeka. Kulonjeza kuti ndasintha n'kosavuta ndipo palibe angakuyeze. Kulonjeza kubweza ng'ombe yamphongo yofika pokoka ngolo akagulitsa soya kapena mtedza wa chaka chino, ndiponso kukapepesa kwa makolo a mnyamata woweta uja, ndi lonjezo limene mudzi wonse ungaone ngati lakwaniritsidwa. Amene sangathe kubweza zonse nthawi imodzi anene zimene angathe. Pambuyo pake ndakatulo ikhoza kupempha chikhululukiro kamodzi, popanda kuika tsiku, n'kunena poyera kuti mkuluyo ali ndi ufulu wokana:

Ng'ombe ndibweza mukhululuke musakhululuke.
Mukafuna kundiona, atsibweni akudziwa kumene ndili.

Pa kalembedwe, ulemu wa "inu" ndi "achimwene" usasinthe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kutchula mkulu dzina lake lenileni kapena kumunena kuti "iwe", ngakhale mwachikondi, kumawononga zonse. Kufananitsa mawu a kumapeto kwa mizere si lamulo m'ndakatulo za Chichewa, ndipo wolemba akakakamira zimenezi amayamba kusankha mawu chifukwa cha kamvekedwe m'malo mwa choonadi. Kubwereza, monga "ndine" m'mizere ya pamwambapa, kumapereka kayendedwe kokwanira. Zining'a ndi mawu okuluwika, zimene zimakometsa ntchito za alakatuli monga Benedicto Wokomaatani Malunga, pano zichepe, chifukwa mkuluyo sayenera kumasulira kuti apeze chimene mng'ono wake akuvomera. Ndime zinayi kapena zisanu ndi zokwanira.

Katumizidwe kake nako kangathe kuononga ndakatulo yabwino. Masiku ano alakatuli amajambula mawu awo n'kuwatumiza ku wailesi kapena kuwamwaza pa foni, ndipo munthu akhoza kukopeka kuchita chimodzimodzi. Kupepesa kotere kumaika mkuluyo pakati pa anthu: akakana, iye ndi amene aoneke wouma mtima, pamene wolakwa akuyamikiridwa chifukwa cha luso. Ndakatulo yopepesa ndi ya munthu mmodzi. Iperekedwe kwa atsibweni papepala, kapena wolembayo aiwerenge yekha atakhala pansi pa tsiku limene akuluakulu akonza. Ngati mkuluyo ali kutali kapena amavutika kuwerenga zolembalemba, mawu ojambulidwa apite kwa iye yekha, osati pa gulu la banja.

Mkuluyo akakhala chete, ndakatulo yachiwiri isatumizidwe. Chotsatira ndi kubweza ng'ombe pa nthawi imene inalonjezedwa.