CHENJEZO KWA AMALAWI: ZITHUNZI ZABODZA ZILIPO MITUNDU IWIRI, NDIPO WACHIWIRI SUGWIDWA MSANGA NDI MASO

Amalawi anzanga, aliyense amene chithunzi chake chili pa WhatsApp kapena pa Facebook amve uthenga uwu. Chithunzi chimodzi chooneka bwino cha nkhope yanu n'chokwanira kuti munthu wa mtima woipa akuonetseni muli pamalo pamene simunapondepo, mukuchita zimene simunachite. Ambiri tinauzidwa kuti chithunzi chabodza, chimene ena amati dipifeki, timachizindikira poyang'ana m'mbali mwa nkhope. Langizo limeneli ndi loona, koma limagwira njira imodzi yokha mwa njira ziwiri zimene zikugwiritsidwa ntchito. Amene akudziwa njira yakale yokha ndi amene adzapusitsidwe msanga ndi yatsopano.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli ngati kwa ntchito ziwiri za telala. Njira yakale ndi kusoka chigamba pa malaya amene analipo kale, ndipo chigamba chimasiya msoko. Njira yatsopano ndi kumuyeza munthu n'kumusokera malaya atsopano, ndipo pamenepo palibe chigamba choti muchifunefune.

Njira yoyamba: kumata nkhope pa chithunzi chomwe chilipo kale

Njira iyi inatchuka kumapeto kwa 2017, pamene munthu wina pa Reddit anayamba kufalitsa makanema olaula atamatapo nkhope za akazi otchuka. Kuti itheke pamafunika zinthu ziwiri: chithunzi kapena kanema weniweni wa munthu wina, ndi nkhope ya amene akufuna kumunamizira. Pulogalamu imapeza pamene pali maso, mphuno ndi pakamwa pa munthu wa m'kanemayo, imajambula nkhope yatsopano yoyang'ana mbali yomweyo ndi kuseka kapena kukwiya mofanana, kenako imaimata pamalopo ndi kusalaza m'mbali kuti khungu lifanane. Ngati ndi kanema, imachita zimenezi pa chithunzi chilichonse cha m'kanemamo.

Poyamba ntchitoyi inali yolemetsa. Mapulogalamu monga DeepFaceLab ankafuna zithunzi mazana kapena masauzande za munthu mmodzi, ndi kompyuta yamphamvu yogwira ntchito maola ambiri kapena masiku. Pofika 2023 panali mapulogalamu monga Roop amene amangofuna chithunzi chimodzi.

Chofunika kugwira apa n'chakuti chimene chimasintha ndi nkhope yokha, kuyambira pamphumi kufika pachibwano. Thupi, manja, zovala, chipinda, ndipo kawirikawiri tsitsi ndi makutu, zimakhala za munthu woyamba uja. N'chifukwa chake zolakwika zake zimapezeka pamalire: khungu la kumaso limasiyana ndi la m'khosi, m'mbali mwa nsagwada mumagwedera, ndipo munthu akatembenukira kumbali kapena akadutsitsa dzanja kumaso nkhope imasokonekera. Chida chimene Roop inkagwiritsa ntchito chimatulutsa nkhope ya mapikiselo 128 m'litali ndi 128 m'lifupi, yomwe ndi yaing'ono kwambiri. Ikakulitsidwa imaoneka yachimbuuzi kapena yosalala mopitirira, pamene malaya ndi khoma zikuoneka bwinobwino.

Dziko linaona zoterezi mu Malichi 2022, pamene kunatuluka kanema wabodza wa mtsogoleri wa dziko la Ukraine, Volodymyr Zelensky, akuuza asilikali ake kuti atule zida. Anthu anaugwira msanga chifukwa mutu sunkagwirizana ndi thupi, ndipo khungu la kumaso linkasiyana ndi la m'khosi.

Njira yachiwiri: kupanga chithunzi chonse mwatsopano

Njira iyi akatswiri amaitcha difyujoni, ndipo inafika m'manja mwa anthu wamba pamene Stable Diffusion inatulutsidwa mu Ogasiti 2022. Pano palibe chithunzi chakale chomatapo kanthu. Pulogalamu imayamba ndi timadontho tosakanikirana topanda tanthauzo, ndipo imatikonza pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 50, kufikira chithunzi chitaoneka. Inaphunzira kutero poona zithunzi mamiliyoni ambiri zikuonongedwa ndi timadontho totere, mpaka inadziwa kubwerera m'mbuyo kuchoka pa timadontho kufika pa chithunzi.

Pa ulendo uliwonse pali zinthu ziwiri zimene zimaitsogolera. Choyamba ndi mawu amene munthu walemba ofotokoza zimene akufuna kuona. Chachiwiri ndi chithunzi cholozera, chomwe ndi chanu chija. Pulogalamu sidula nkhope yanu pa chithunzicho ayi. Imayeza maonekedwe anu, monga kutalikirana kwa maso, kukula kwa mphuno ndi kaumbidwe ka nsagwada, n'kuwasandutsa mndandanda wa manambala, umene m'zida zambiri umakhala ndi manambala 512. Manambala amenewa ndiwo amakokera chithunzi chomwe chikupangidwacho kuti chifanane nanu. DreamBooth, imene akatswiri a ku Google anailengeza mu 2022, inkafuna zithunzi zitatu mpaka zisanu ndi nthawi yophunzira nkhopeyo. InstantID, ya mu Januwale 2024, imangofuna chimodzi ndipo siphunziranso kanthu.

Popeza nkhope, khosi, tsitsi, zovala ndi kuwala zimabadwira pamodzi, palibe malire oti muwayang'ane. Chithunzi cha Papa Francisko atavala jekete loyera lofufuma, chimene chinapusitsa anthu ambiri mu Malichi 2023, chinapangidwa chonse ndi Midjourney. Panalibe munthu amene anavala jeketelo n'kujambulidwa. Pa Papa sipanafunike chithunzi cholozera chifukwa nkhope yake inali yodziwika kale kwa pulogalamuyo. Chimene chasintha n'chakuti tsopano mphunzitsi wa kumudzi, amene pulogalamu sinamuonepo, angachitiridwe zomwezo ndi chithunzi chimodzi.

Nkhani imodzi, njira ziwiri

Tiyerekeze kuti pali mayi amene ndi msungichuma wa banki m'khonde, ndipo wina akufuna kumuipitsira mbiri pomuonetsa ali m'bala akumwa ndalama za gulu. Watenga chithunzi chake cha pa WhatsApp.

Akatsata njira yoyamba, ayenera kupeza chithunzi chenicheni cha mkazi wina ali m'bala, n'kumatapo nkhope ya mayiyu. Amayi a m'gulu akachiyang'anitsitsa adzaona kuti thupi ndi lochepa kuposa la mnzawo, manja ndi oyererako kuposa nkhope, ndipo makutu ali ndi ndolo pamene iye sanaboole makutu. Wina akachiika mu Google Lens akhoza kupeza chithunzi choyambirira chili ndi nkhope ya mwini wake, ndipo mlandu watha pomwepo.

Akatsata njira yachiwiri, amangolemba kuti akufuna mayi wovala chitenje atakhala m'bala ndi mabotolo patebulo, n'kupereka chithunzi chija. Khungu la kumaso ndi la m'manja lidzafanana, kuwala kudzagwa bwino, ndipo Google Lens sidzapeza choyambirira chifukwa kulibe. Akapanda kukhutira, amangobwereza, n'kusankha chabwino mwa zambiri. Zolakwika zake zimakhala kwina: zolembedwa pa mabotolo ndi pakhoma sizimawerengeka, maluwa a chitenje amasintha pakati pa nsalu, zala zimaphatikana ndi botolo, anthu akumbuyo amakhala ndi nkhope zosamalizika. Nayo nkhope imafanana naye ngati ya m'bale wake: chipsera cha pamphumi chasowa, mpata wa m'mano watsekeka, khungu lasalala. Koposa zonse, balalo palibe amene angalitchule kuti ndi lakuti, chifukwa kulibe bala lotero.

Musadalire zizindikirozi mopitirira. Zida zatsopano zikukonza zala ndi zilembo, ndipo chithunzi chikatumizidwa kambirimbiri pa WhatsApp chimachepa mphamvu, zolakwika n'kubisika. Ena amaphatikiza njira ziwirizi: amapanga chithunzi chonse ndi difyujoni, kenako n'kumatapo nkhope kuti ifanane kwambiri. Kupeza cholakwika ndi umboni wakuti chithunzi n'chabodza, koma kusachipeza si umboni wakuti n'choona.

Pa lamya ya kanema

Apa kusiyanaku kuli ndi phindu lake. Kumata nkhope n'kopepuka moti kumatheka munthu akulankhula nanu pompopompo, pamene difyujoni imafuna nthawi yochulukirapo chifukwa cha maulendo ambiri aja. Choncho wakuba amene akukuimbirani lamya ya kanema atavala nkhope ya m'bale wanu wa ku Joni nthawi zambiri akugwiritsa ntchito njira yoyamba. Muuzeni atembenuze mutu wonse kumbali, adutsitse dzanja kumaso pang'onopang'ono, ndipo mufunseni chinthu chimene achibale okha amadziwa. Ngakhale atapambana zonsezi, dulani lamya ndi kuimba nokha pa nambala imene mumaidziwa kale. Kumayambiriro kwa 2024 wogwira ntchito wina ku Hong Kong anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America atakhala pa msonkhano wa pa kanema ndi anthu amene ankaoneka ngati mabwana ndi anzake a kuntchito, koma onse anali abodza.

Zoyenera kuchita

Musanakhulupirire chithunzi, funsani kumene chachokera: anajambula ndani, liti, pamalo pati, ndipo alipo wina amene analipo? Chithunzi chenicheni chimakhala ndi mboni, malo odziwika, ndipo kawirikawiri zithunzi zina za tsiku lomwelo.

Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba chifukwa mwaona nkhope yodziwika ikupempha kapena ikulonjeza phindu lalikulu.

Musagawe chithunzi chochititsa manyazi, ngakhale mukungofuna kufunsa anzanu ngati n'choona. Aliyense wotumiza akuthandiza wopangayo, ndipo lamulo la mu 2016 lokhudza chitetezo cha pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera m'njira zimenezi.

Wina akakuopsezani ndi chithunzi chamaliseche chimene wapanga ndi nkhope yanu, musamupatse ndalama, chifukwa akhoza kupanga china mawa. Sungani mauthenga, nambala yake ndi tsiku, uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo kanenani ku polisi.

Sinthani WhatsApp ndi Facebook zanu kuti zithunzi zanu, makamaka za ana, zizioneka kwa anthu owadziwa okha.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi ndi ankhoswe: musagamule mlandu, musachotse munthu paudindo, musathetse banja pa umboni wa chithunzi chokha. Itanani mwini nkhope, funani mboni, fufuzani malo. Ndipo inu amene mwawerenga chenjezoli, kafotokozereni makolo ndi agogo amene sangaliwerenge okha, chifukwa iwowo ndiwo amakhulupirira msanga akaona nkhope ya mwana wawo pa lamya.