Msana ndi chiuno mimba ikakula: kupirira kokha sikukwanira

Mayi woyembekezera akadandaula za msana, yankho lomwe amalandira kawirikawiri, kaya ku Kawale, ku Mgona kapena ku Area 23, ndi loti apirire poti mimba imatero. N'zoona kuti amayi ambiri amamva ululuwu m'miyezi itatu yomaliza, ndipo kwa ochuluka umachepa akachira. Koma ululu wambiri umakula chifukwa cha mmene mayi akugwirira ntchito, kugona ndi kudzuka, ndipo izi zimatheka kusintha popanda kugula kanthu.

Chiuno si fupa limodzi. Mafupa ake amakumana malo atatu: awiri kumbuyo, pamwamba pa matako, ndi amodzi kutsogolo, pachinena. Mimba ikamakula, thupi limafewetsa timinofu tomanga malo amenewa pokonzekera njira ya mwana, pomwe mayi walemera ndi makilogalamu 10 kapena kuposerapo, ambiri ali kutsogolo. Ululu wa msana weniweni umamveka pamwamba pa chiuno, ndipo umakula ukaima, ukakhala kapena ukawerama nthawi yaitali. Wa m'chiuno ndi wina. Umalasa m'tako kapena pachinena, nthawi zina kutsikira m'ntchafu, makamaka pamene mwendo umodzi wasenza thupi lonse kapena miyendo yatalikirana: potembenuka pogona, pokwera minibasi, podumpha ngalande, povala siketi choimirira. Ndiye kwa mayi wa ululu wotere malangizo aakulu ndi akuti miyendo iwiri izichitira zinthu limodzi.

Titenge chitsanzo cha mayi wa ku Chinsapo amene ali ndi mimba ya masabata 32 komanso mwana wa zaka ziwiri. Amagona pamphasa. M'mawa amadzuka chagada, kudzikoka ndi mimba, kenako kuimirira ndi mwendo umodzi. Chofunika n'kupinda mawondo ali chogona cham'mbali, kudzikankha ndi manja mpaka agwade, ndiyeno kugwira mpando kapena khoma poimirira. Amene ali ndi bedi atsitse miyendo yonse iwiri pamodzi kwinaku akudzutsa thupi ndi chigongono.

Kenako mayi uja amapita kukiyosiki ndi ndowa ya malita 20. Madzi amenewo ndi makilogalamu 20, ndipo povuta kwambiri ndi podzitwika ndi podzitula, pomwe thupi limawerama n'kupotoka nthawi imodzi. Ngati palibiretu womutungira, tizigubu tiwiri ta malita 5, kena kudzanja ili kena kudzanja linalo, n'tabwino kuposa ndowa imodzi, ngakhale maulendo achuluke. Komabe tinene mosabisa: panyumba pamene pali bambo kapena mnyamata wamkulu, ndowayi si ya mayi wa miyezi isanu ndi itatu. Beseni la zochapa likhale pampando kuti asachape chowerama. Tsache lalifupi alimangirire kumtengo, pophika pambaula akhale pakampando. Mwana wamng'ono uja asamunyamulire pachiuno cha mbali imodzi. Akhale kaye pansi, mwanayo akwere yekha pamiyendo. Ndipo kabaza, amene amafuna kutangadza miyendo ndi kugwedezeka m'misewu yamaenje, ndi woyamba kumusiya ngati pachinena pakupweteka.

Malamba othandizira chiuno amagulitsidwa m'mafamase ena, koma chitenje chingagwire ntchito yomweyo. Chipindeni m'litali kuti chikhale chotambalala ngati chikhatho, muchizungulize m'munsi mwa mimba, modutsa pa mafupa a m'mbali mwa chiuno ndi pamwamba pa matako, n'kumanga mogwira koma moti zala ziwiri zilowe. Chisadutse pamimba penipeni. Yendani pang'ono muone. Ngati kuyenda kwapepuka, chizimangidwa pa nthawi ya ntchito ndi ya ulendo, n'kumasulidwa pokhala ndi pogona. Ngati ululu wakula kapena miyendo ikuchita dzanzi, chimasuleni, chifukwa si onse amene chimawathandiza.

Pa nkhani ya kagonedwe pali chifukwa china choposa msana. Kuyambira masabata 28, mayi azigona cham'mbali, chifukwa akagona chagada chiberekero chimapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, ndipo magazi opita kwa mwana amatha kuchepa. Kumanzere kapena kumanja, konse n'kololedwa, ndipo mukadzidzimuka usiku muli chagada musachite mantha, ingotembenukani. Pakati pa mawondo mpaka kuakakolo ikani pilo kapena bulangete lopinda, kuti mwendo wapamwamba usagwere kutsogolo n'kukoka chiuno. Kansalu kopinda pansi pa mimba kamachepetsa kukoka kwa mimbayo. Potembenuka, mawondo akhale ophatikizana, ndipo mapewa ndi chiuno zitembenukire limodzi.

Kugona tsiku lonse sikuchiza, kumangoumitsa thupi. Yendani maulendo aafupi ndi mapazi ang'onoang'ono, mutavala nsapato zafulati. Pali kachitidwe kamodzi kothandiza ambiri: gwadani, manja pansi, mukweze msana pang'onopang'ono ngati mphaka akudziwongola, muwerenge mpaka 5, mubwerere pomwe msana uli wowongoka osaugwetsa, ndipo mubwereze kakhumi m'mawa ndi madzulo. Kenanso ndi kuima chotsamira khoma, mawondo opinda pang'ono, n'kukanikiza msana wam'munsi kukhomako. Chilichonse chimene chikulasa, chisiyeni. Nsalu yoviika m'madzi ofunda, osati otentha, ndi kusisita pang'ono kumbuyo zimapepuza usiku.

Pa mankhwala samalani. Panado ndi amene amaloledwa, motsatira mlingo umene anamwino akuuzani. Bulufeni, indosidi ndi daikulofenaki, omwe anthu amagula mosavuta akamva msana, angawononge impso za mwana ndi kusokoneza kayendedwe ka magazi ake m'miyezi yomalizayi. Mwanamphepo ndi zitsamba zina zofulumizitsa matenda zimatha kulimbitsa chiberekero mopitirira muyeso mpaka kung'ambika.

Tsono si msana uliwonse umene uli wa mafupa. Ululu wa mafupa umasintha ukasintha kakhalidwe, ndipo umachepa ukapuma. Umene ukubwera n'kupita mwa nthawi yofanana, mimba ikulimba, ungakhale matenda ayamba, ndipo ngati masabata 37 sanakwane ndiye kuti mwana akufuna kubwera nthawi isanakwane. Ululu wa mbali imodzi m'munsi mwa nthiti, limodzi ndi kutentha thupi, kunjenjemera kapena kuwawa pokodza, ungakhale matenda a impso. Kutaya magazi, kusweka kwa nsupa, mwana kusiya kugunda monga mwa masiku onse, mutu waukulu ndi chizungulire, dzanzi kumaliseche, mwendo kufooka, kulephera kukodza kapena kugwira mkodzo: chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kunyamuka nthawi yomweyo, usana kapena usiku, kupita kuchipatala chapafupi monga cha Kawale, cha Area 25 kapena ku Bwaila.

Chaka cha 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa kuti mayi azionedwa kusikelo kasanu ndi katatu, ndipo maulendo ambiri mwa amenewa amagwa m'miyezi yomaliza. Mzere umatalika ndipo anamwino amakhala ndi nthawi yochepa, choncho fotokozani molunjika: lozani ndi chala pamene pakupweteka, nenani chimene chimayambitsa, ndi ntchito imene mukulephera. Ngati mwafika polephera kuyenda kapena kugona, pemphani kalata yokutumizani kwa madokotala ophunzitsa mafizo ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Ndipo inu abambo, apongozi ndi achemwali, mawa m'mawa ndowa ija mukatunge ndinu.