Musalipire VPN musanadziwe pomwe khomo latsekedwa

Achinyamata ambiri amene amafuna kuyendetsa seva ya Minecraft pa kompyuta ya kunyumba, kapena kuti matorenti awo azithamanga, amauzidwa malangizo amodzimodzi: "Gula VPN, poti idzatseguka." Munthu amalipira, amayatsa VPN, koma anzake amalepherabe kulowa. Ine ndikuona kuti malangizowa ndi operewera. VPN imatsegula poti pokhapokha zinthu zitatu zitagwirizana, ndipo pa gemu ya anzanu a m'tauni imodzi nthawi zambiri si njira yabwino n'komwe.

Tiyambe ndi chimene chimatseka khomo. Adiresi ya IP ili ngati nambala ya puloti, pomwe poti ili ngati nambala ya khomo pa pulotipo. Minecraft ya Java imadikira alendo pa poti 25565. Mukakhala ndi adiresi yanuyanu, mumangouza rauta kuti aliyense wogogoda pa 25565 imulondolere ku kompyuta yanu. Izi ndi zimene pa rauta zimalembedwa kuti Port Forwarding.

Vuto ndi lakuti ambiri a ife tilibe adiresi yathuyathu. Maadiresi a IPv4 ndi ochepa, choncho makampani a mafoni amaika makasitomala ambiri kumbuyo kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Ngakhale Starlink, imene inafika m'Zambia mu 2023, imachita chimodzimodzi kwa makasitomala wamba. Zili ngati kukhala pa lendi m'yadi ya mabanja ambiri: mungasiye chitseko cha chipinda chanu chotsegula, koma kiyi wa geti ali ndi alandilodi. Kuti mudziwe ngati muli m'yadi yotere, lowani mu rauta kapena MiFi yanu muone adiresi yolembedwa pa WAN. Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikayamba ndi 10, ndiye kuti geti si lanu, ndipo chilichonse chimene mungasinthe pa rauta sichithandiza.

Apa ndi pomwe VPN imabwerera. Kompyuta yanu imatsegula njira yotulukira kupita ku seva ya VPN, ndipo CGNAT siletsa zotuluka. Alendo akagogoda pa adiresi ya sevayo, uthenga wawo ungabwere kwa inu kudzera m'njira yomweyo. Koma zindikirani kuti mwangosamukira m'yadi ina. Adiresi ya VPN nayonso mumagawana ndi anthu ena ambiri, ndipo geti lake lili m'manja mwa eni VPN.

Chinthu choyamba, tsono, ndi chakuti kampaniyo ivomere kukupatsani poti. Ambiri sachita zimenezi. NordVPN ilibe mwayiwu. Mullvad inali nawo koma inauchotsa mu 2023, ponena kuti anthu ena ankaugwiritsa ntchito molakwika. Proton VPN imapereka kwa olipira okha, pa maseva ena, ndipo AirVPN imalola munthu kusunga poti yake yosasintha. Ngati tsamba la kampani silikukamba momveka za Port Forwarding, sungani ndalama zanu.

Chachiwiri ndi chakuti nambala imene mwapatsidwa ndi imene pulogalamu yanu iyenera kumvera. Poti 25565 ilipo imodzi pa adiresi imodzi, choncho musayembekezere kuti ikhala yanu. Tiyerekeze kuti VPN yakupatsani 48213. Minecraft yanu ikadali kudikira pa 25565, alendo akufikira pa 48213, ndipo palibe wowalandira. Tsegulani fayilo ya `server.properties`, musinthe mzere uwu, kenako muyatsenso seva:

```
server-port=48213
```

Anzanu nawonso asalembe adiresi ya kunyumba kwanu. Alembe adiresi ya VPN imene mukutulukira, kutsogolo kwake aike `:48213`. Pa qBittorrent nambalayo imalembedwa pansi pa Connection, pamene pali Port used for incoming connections.

Msampha uli apa: ma VPN ena, monga Proton, amatha kukupatsani nambala ina nthawi iliyonse mukalumikizanso. Ife amene tazolowera kuzimazima kwa malaiti tikudziwa tanthauzo lake. Malaiti apita, rauta yazima, VPN yalumikizanso, 48213 yasanduka nambala ina. Seva imene inayenda bwino dzulo lero yatseka, inu osakhudza kalikonse.

Chachitatu ndi kompyuta yanu yomwe. Faiwolo ya Windows imaona VPN ngati netiweki ina, ndipo kawirikawiri imaiika m'gulu la Public. Ngati munalola Java kulandira alendo pa Private pokha, uthenga umafika kuchokera kutali n'kudzafera pakhomo. Musanaimbe mlandu VPN, onani kaye ngati seva ikumveradi:

```
netstat -an | findstr 48213
```

Mukaona LISTENING, pulogalamu ili bwino, choncho funani vuto pa faiwolo kapena pa VPN. Mukapanda kuona kalikonse, vuto lili mu seva yanu. Dziwaninso kuti masamba oyesera poti amanena kuti yatsekedwa ngati palibe pulogalamu yomvera, ndipo ambiri amayesa TCP yokha. Minecraft ya Bedrock, ya pa mafoni ija, imagwiritsa ntchito UDP pa 19132, choncho tsamba lingakuuzeni kuti poti ndi yotseka pomwe ili bwinobwino. Kuyesa kodalirika ndi kupempha mnzanu wa pa netiweki ina alowe.

Tsopano tinene kuti zitatu zonse zagwirizana. Kodi mwapindula? Pa matorenti, inde. Anthu awiri amene onse ali ndi mapoti otseka amavutika kulumikizana, choncho kutsegula yanu kumakupatsani anthu ambiri otengako fayilo. Koma pa fayilo imene anthu ambiri akugawa, monga Ubuntu, kusiyana kumakhala kochepa, chifukwa otseguka alipo kale okwanira. Phindu limaoneka pa fayilo yosowa, ya ogawa awiri kapena atatu.

Pa gemu nkhani ndi ina. Inu muli ku Matero, mnzanu ali ku Chilenje, koma seva ya VPN ili ku Ulaya. Chilichonse chimene mnzanu wachita mu gemu chimapita ku Ulaya, chimabwera ku Matero, yankho n'kubwereranso njira yomweyo. Ngati `ping` yanu kupita ku sevayo ndi 180 ms, ya mnzanu n'kukhalanso yomweyo, iye azisewera ndi 360 ms. Seva ya ku Johannesburg imachepetsako, koma mtunda sutha. Komanso khomo limene mwatsegula ndi lotseguka kwa dziko lonse, choncho yatsani `white-list=true` kuti alowe okhawo amene mwawalemba.

Wina anganene kuti popanda VPN, munthu wa pa CGNAT alibe pogwira. Si zoona kwenikweni. Ngati osewera ndi anzanu odziwika, Tailscale kapena ZeroTier imaika makompyuta anu pa netiweki imodzi yachinsinsi popanda kutsegula poti, ndipo kagulu kochepa sikalipira. Mapulogalamuwa amayesa kukulumikizani mwachindunji. Pa CGNAT yolimba amalephera n'kudutsira pa seva yapakati, koma mwayesa osataya ngwee. Ngati mukufuna seva ya aliyense, yosazima malaiti akapita, kubwereka seva ku kampani yosunga maseva kumaposa kompyuta ya kuchipinda.

Choncho yambani ndi adiresi ya WAN. Ikakhala yanuyanu, rauta ikukwanira. Ikakhala ya CGNAT ndipo mukufuna kusewera ndi anzanu, yesani Tailscale kaye. VPN yolipira isiyireni matorenti, ndipo musanalipire funsani mafunso awiri: kodi mumapereka poti, nanga nambala yake imasintha?