Mwana akakopera homuweki pa WhatsApp, musathamangire kunena kuti ndi ulesi

Ikamakwana 6 koloko m'mawa, magulu a pa WhatsApp a ana a sekondale amakhala akuyaka moto. Uthenga wake ndi umodzimodzi tsiku lililonse: "Amene wapanga masamu atumize, chonde." Wina amajambula kope lake, chithunzi chimazungulira, ndipo belu likamalira theka la kalasi limakhala ndi mayankho ofanana, zolakwika zomwe kufanana. Ambiri a inu mukuwerenga pano munadutsamo, kaya pafoni kaya pansi pa mtengo asembule isanayambe.

Makolo ndi aphunzitsi yankho ali nalo kale: ana a masiku ano ndi aulesi, foni yawawononga. Mankhwala ake amakhala chilango, kukolopa kalasi, kutchetcha bwalo, kulandidwa foni. Ife tikuti mankhwala amenewa nthawi zambiri akuwonjezera matenda, ndipo pali kafukufuku wa zaka zoposa 50 amene akufotokoza chifukwa chake.

Akatswiri awiri a za maganizo a munthu a pa yunivesite ya Rochester ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, ndiwo anayala chiphunzitso chimene tingachitchule kuti chiphunzitso cha kudzisankhira. Buku lawo lalikulu loyamba pa nkhaniyi linatuluka mu 1985, koma chiyambi chake ndi kafukufuku amene Deci anasindikiza mu 1971. Iye anapatsa ophunzira a pa yunivesite masewera olumikiza tizidutswa, otchedwa Soma, amene anthu amawakonda paokha. Gulu lina analilipira dola imodzi pa chithunzi chilichonse chimene lalumikiza bwino, gulu lina sanalilipire kanthu. Kenaka ankatuluka m'chipindamo kwa mphindi 8, n'kusiya ophunzirawo ndi magazini, kuti aone ngati apitiriza kusewera popanda wowauza. Ndalama zitasiya kubwera, amene ankalipidwa aja anachepetsa nthawi yosewera. Masewera amene poyamba anali chisangalalo anasanduka ganyu, ndipo ganyu wopanda malipiro ndani amamugwira?

Kuchokera pamenepo Deci ndi Ryan anati munthu amalimbikira ntchito ndi mtima wake pakakhala zinthu zitatu: kumva kuti akuchita mwa kufuna kwake osati mokankhidwa, kumva kuti ntchitoyo akuitha kapena akupita patsogolo, ndi kumva kuti anthu amene akugwira nawo ntchitoyo amamuwerengera. Chimodzi chikasowa, chidwi chimafota. Tiyeni tiyike homuweki ya kwathu kuno pa sikelo imeneyi.

Ndili ndi mng'ono wanga ali Fomu 2. Ku pulayimale masamu anali ake, ankathamangira kubolodi aphunzitsi asanamalize kufunsa. Chaka chino mayi anayamba kudandaula kuti kope la masamu likungogona m'chikwama. Tsiku lina madzulo ndinakhala naye pansi. Anapatsidwa mafunso 20 a masamu aja opeza x ndi y nthawi imodzi, ndipo lamulo linali loti amene sabweretsa akatchetcha. Anapanga atatu oyamba bwinobwino. Lachinayi linali ili:

```
2x + y = 7
2x − 3y = −5
```

Njira yake ndi kuchotsera mzere wachiwiri ku mzere woyamba. Pamenepo y kuchotsa −3y imakhala 4y, ndipo 7 kuchotsa −5 imakhala 12, ndiye y = 3 ndipo x = 2. Iye analemba −2y = 2, n'kupeza y = −1 ndi x = 4. Atayesa mayankho akewo mu mzere wachiwiri anapeza 11 m'malo mwa −5, anabwereza kawiri, zomwezomwezo, basi anatseka kope. "Achemwali, masamu a ku sekondale si anga," anatero.

Vuto lake lonse linali kanthu kamodzi: kuchotsera nambala ya mainasi. Phunziro limenelo linadutsa ali Fomu 1 sabata imene anadwala malungo, ndipo palibe anabwerera naye. Mafunso 17 otsalawo ambiri anali ndi msampha womwewo. Tsono kwa iye homuwekiyo inali mwayi wolephera kangapo motsatizana, ali yekha, ndi tochi ya pafoni magetsi atazima. Apa ndi pamene chosowa chachiwiri chija, kumva kuti ukuitha ntchito, chinathera. Tinatenga mphindi zosakwana 20 pa mzere wa manambala wojambula papepala, ndipo funso lachisanu analipeza yekha. Nkhope inasintha ndithu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chilango cha kutchetcha chija sichikanapeza msampha umenewu ngakhale pang'ono. Chilango chimafunsa funso limodzi: kope ladzaza? Mwana wanzeru amaona msanga kuti njira yachidule yodzazira kope ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Aphunzitsi amalandira makope odzaza, amakhulupirira kuti phunziro lamveka, n'kupita pa mutu wotsatira. Dzenje limakhalabe pompo mpaka mayeso a MANEB adzalifukule.

Deci ndi Ryan sanati ntchito iliyonse iyenera kukoma ngati mpira kapena TikTok. Masamu ena ndi otopetsa, tisanamizane. Chimene anaonetsa n'chakuti zifukwa zogwirira ntchito yosakoma zimasiyana mphamvu. Pali mwana amene amalemba chifukwa choopa chilango; ameneyo amasiya tsiku limene aphunzitsi ajomba. Pali amene amalemba chifukwa choopa manyazi, kuti asakhumudwitse amalume amene akulipira fizi. Ameneyo amalemba koma ndi nkhawa, ndipo akalephera amabisa. Ndiye pali amene wamvetsa yekha kuti masamuwa ndi khomo la unamwino umene akuufuna. Ameneyu amalemba ngakhale palibe womuona. Ntchito ya akuluakulu ndi kusuntha mwana kuchoka pa chifukwa choyamba kufika pa chachitatu, ndipo kukalipa sikumusuntha, kumamukhomerera pa choyambacho.

Nanga chimamusuntha n'chiyani? Mu 1994 Deci ndi anzake anapatsa anthu ntchito yotopetsa kwambiri ya pa kompyuta, n'kupeza kuti zinthu zitatu zinathandiza anthuwo kuilandira ngati yawo: kuwauza chifukwa chenicheni cha ntchitoyo, kuvomereza kuti ndi yotopetsadi, ndi kulankhula nawo mosalamula. Pa homuweki yeniyeni, Erika Patall ndi anzake mu 2010 anayesa m'masukulu a sekondale ku America: ana ena anawalola kusankha pakati pa ntchito ziwiri za mutu umodzi, ena anangopatsidwa. Amene anasankha anali ndi chidwi chochuluka, anadzimva kuti akuitha, ndipo anakhoza bwino pa mayeso a mutuwo. Taonani kuchepa kwa ufulu wake. Palibe anauzidwa kuti akhoza kusiya homuweki. Anangosankha iyi kapena iyo.

N'chifukwa chake nkhaniyi imakula pa msinkhu wa unyamata. Mwana wa Sitandade 3 amakondwa kungomva "wachita bwino". Wa zaka 14 wayamba kufuna kuti mawu ake amveke, kusankha zovala, anzake, nyimbo. Koma nthawi yomweyi ndi imene sukulu imamumanga kwambiri: silabasi yothamanga, chilichonse n'cha mayeso, ndipo m'malo mwa mphunzitsi mmodzi amene ankamudziwa mpaka kwawo, tsopano ali ndi aphunzitsi osiyanasiyana amene amalowa n'kutuluka belu likalira. Kafukufuku wa Adele Gottfried ndi anzake, amene anatsatira ana omwewo kuyambira zaka 9 mpaka 17 ku America, anapeza kuti chidwi cha maphunziro chimatsika m'zaka zimenezi, ndipo masamu ndiwo amagwa kwambiri. Ana amenewo anali asanaonepo TikTok. Foni imangopeza mpata umene ulipo kale, ndipo imaudzaza bwino chifukwa imapereka zitatu zija nthawi imodzi: umasankha wekha, umaona zotsatira pompopompo, anzako ali momwemo.

Chosowa chachitatu, kumva kuti wina amakuwerengera, ndicho chimavuta kwambiri m'masukulu athu. Mphunzitsi wa kalasi la ana odzaza mpaka pakhomo, makalasi angapo patsiku, sangachonge mafunso 20 pa kope lililonse. Amangoyika saini pansi, kapena "ndaona". Mwana amene anakhala maola awiri ndi amene anakopera pa mphindi zisanu amalandira saini yofanana. Uthenga umafika bwinobwino: palibe amene akuwerenga. Sitikuimba mlandu aphunzitsi, ntchito yawachulukira zoona. Koma ngati simungathe kuchonga mafunso 20, bwanji osapereka asanu? Asanu osankhidwa bwino, awiri osavuta, awiri apakati, limodzi lolimba, ndi kuuza ana kuti alembe mzere umene anakakamira. Mawa lake mphindi 10 zoyamba zipite pa mizere imeneyo, ana achongerane awiriawiri. Mwana wolemba kuti "ndasokonekera pa 7 − (−5)" wapereka uthenga wamtengo wapatali kuposa kope lodzaza.

Ena anena kuti izi n'zachizungu, kwathu mwana amamvera basi. Funso limeneli linafunsidwanso ku South Korea, dziko la ulemu waukulu kwa akulu ndi mayeso oopsa, ndipo Hyungshim Jang ndi anzake mu 2009 anapeza kuti ana a sekondale kumeneko nawonso amalimbikira pamene zitatu zija zakwaniritsidwa. Kudzisankhira si mwano, ndipo si kuchotsa malamulo. Nthawi yolembera ikhalepo, tsiku lobweretsa likhalepo. Kusiyana kuli pakati pa "lemba pompano, apo ayi foni ndilanda" ndi "ulemba usanadye kapena ukadya? Ndikudziwa kuti watopa, koma mutu uwu ndi umene wa mawa ukudalira."

Malire a chiphunzitsochi tiwanenenso. Mwana amene wagona ndi njala, amene madzulo onse amakhala pa mjigo kapena akugulitsa mandasi, amene kwawo kulibe nyale, vuto lake si chidwi. Kumupatsa kusankha pakati pa ntchito ziwiri sikumupatsa nthawi kapena kuwala. Ameneyo akufunika ola limodzi pasukulu asanaweruke.

Inu achimwene ndi achemwali amene mukuwerenga izi pafoni, nthawi zambiri ndinu amene mumatumidwa kuti "kamuone mng'ono wako ngati walemba". Mungathe kuzindikira chimene chasowa pongomvetsera. Amene amayamba n'kusiyira pakati, kufufuta mpaka pepala kubooka, wakakamira penapake, pezani mzerewo. Amene amatha koma amafunsa kuti "nde zimenezi zidzandithandiza chani?" akufuna chifukwa chenicheni, osati "chifukwa ndanena ine". Amene amati "olo ndilembe sachonga" akufuna munthu woti aone ntchito yake, ndipo munthuyo akhoza kukhala inu.

Mng'ono wanga uja usiku umenewo anafika pa funso la 11, tulo tinamugwira. Ndinamuuza kuti akapereke 11 akewo n'kufotokoza pamene anavutika. Anandiyang'ana ngati ndapenga: 11 ndiye kutchetcha, 20 zokopera ndiye saini. M'mawa anatsegula WhatsApp n'kumaliza 9 otsalawo.